Ndalama zigone pansi pa mphasa kapena m'bokosi la maloko atatu?

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180, idalumpha kufika pa K1,700. Pasanathe masiku ambiri, mitengo ya shuga, mafuta ophikira, sopo ndi ulendo wa pa minibasi idatsatira. Munthu amene adali ndi K100,000 m'kachitini pansi pa bedi sadabedwe ngakhale tambala imodzi. Atawerenga adapeza ndalama zake zonse zilipo, koma atapita nazo kumsika adabwerako ndi katundu wochepa kuyerekeza ndi amene akadagula mwezi wapitawo. Ndipo aka sikadali koyamba, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha idali itatsitsidwanso ndi 25 peresenti.

Kukwera kwa mitengoku ndi mdani mmodzi chabe wa ndalama zosungidwa m'nyumba, ndipo mwina si wamkulu. Akuba alipo, chiswe ndi makoswe zimadya mapepala a ndalama, moto umapsereza nyumba za udzu, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe pamodzi ndi zonse zomwe zidali m'katimo. Koma ngozi zoterezi sizigwa tsiku ndi tsiku. Chimene chimatha ndalama za m'nyumba sabata ndi sabata ndi dzanja la mwini wake. Lero ndiwo zavuta, watapako K2,000. Mawa mwana akufuna ya kope. Mkuja mlamu wafika m'mamawa atazolika nkhope: "Mlamu, ndithandizeniko K5,000, Loweruka ndibweza." Kukana n'kovuta pamene ndalama zili m'chipinda chomwecho, ndipo iye akudziwa kuti dzulo mudagulitsa soya. Loweruka lija limafika n'kudutsa.

Banki m'khonde imayamba ndi kuthetsa vuto limeneli. Ndalama zikalowa m'bokosi la gulu, sizilinso pamalo oti mungotapa. Mukayankha kuti "Pepani mlamu, zili ku banki m'khonde, mpaka tidzagawane," simukunama, ndipo mlamuyo akudziwa kuti simukunama. Ubale sudaonongeke, ndalama nazo sizidachoke.

Njirayi sidayambire kuno. Bungwe la CARE lidaiyambitsa m'chaka cha 1991 m'dera la Maradi m'dziko la Niger, pakati pa amayi akumudzi omwe ankadziwa kale zosonkherana ndalama. Kusonkheranako ife timakudziwa ngati chipereganyu, pomwe aliyense amaponya ndalama yofanana ndipo mmodzi amatenga zonse mosinthana. Chipereganyu chili ndi ubwino wake, koma ndalama zake sizikula, ndipo mumalandira tsiku lanu likafika, osati tsiku limene mwapanikizika. Banki m'khonde idaonjezera zinthu ziwiri: ndalama zimaunjikana kwa miyezi isanu ndi inayi mpaka khumi ndi iwiri, ndipo pa nthawi yonseyo mamembala amabwerekana n'kumabweza ndi chiwongoladzanja. Kuno ku Malawi njirayi idafalitsidwa ndi mabungwe monga CARE yomweyo ndi COMSIP, mipingo ndi alangizi a zachitukuko. Lero magulu ambiri amangoyamba okha poonera anzawo, ndipo afika m'matauni, m'misika ngakhale m'maofesi.

Gulu loyenda mwadongosolo limakhala ndi anthu 15 mpaka 25 osankhana okha, odziwana makhalidwe. Limasankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi anthu awiri owerenga ndalama. Bokosi ndi lachitsulo ndipo lili ndi maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana omwe sali m'komiti, pamene bokosilo limagona kwa msungichuma, amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Choncho kuti munthu atsegule mobisa, ayenera kunyengerera anthu anayi. Bokosi limatsegulidwa pamsonkhano pokha, aliyense akuona. Owerenga amawerenga mokweza, mlembi amalengeza zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, ndipo pamsonkhano wotsatira, asanatsegule, mamembala amafunsidwa kuti bokosi lidatsekedwa ndi zingati. Ena amaona ngati ndi mwambo wotayitsa nthawi, koma chitetezo chonse chagona pamenepo. Gulu limene lasiya kuwerenga mokweza chifukwa "tonse ndife amodzi" layamba kale ulendo wopita kubwalo la amfumu.

Kusunga kumachitika pogula masheya. Gulu limagwirizana mtengo wa sheya imodzi pachiyambi, ndipo mtengowo susintha mpaka kugawana. Pamsonkhano uliwonse munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu, ndipo sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku kake. Chidindo chimathandiza kuti ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga athe kuloza ndi chala kuti masheya ake ndi angati. Malire a zisanuwo ali ndi ntchito: amaletsa munthu mmodzi wolemera kukhala mwini theka la bokosi n'kuyamba kulamula anzake.

Tiyerekeze gulu la anthu 20 lomwe limakumana sabata iliyonse, ndipo sheya ndi K1,000. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wogulitsa tomato ndi usipa pamsika wa pamsewu. Iye amagula masheya atatu sabata iliyonse kwa masabata 48. Pamapeto ali ndi masheya 144, kutanthauza kuti waponya K144,000. Kuti masamu asavute, tinene kuti gulu lonse lagula masheya 2,880, omwe ndi K2,880,000. Ngongole zimaperekedwa pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pamwezi. Tsiku logawana, ngongole zonse zitabwezedwa, owerenga apeza K3,600,000 pamphasa. Mlembi amagawa ndalamazi ndi chiwerengero cha masheya onse, ndipo sheya imodzi yatuluka K1,250. Mayi uja atenga masheya ake 144 kuchulukitsa ndi K1,250, alandira K180,000. Pamwamba pa zomwe adaponya pabwera K36,000.

Akadasunga kunyumba, ndipo akadakhala ndi mtima wosatapako ngakhale kamodzi, akadakhala ndi K144,000. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Ndalama za mayiyu sizidakhale chaka chathunthu zonse: za sabata yoyamba zidakhalitsa, za sabata yomaliza zidangolowa kumene, ndiye tikaziphatikiza zili ngati zakhala theka la chaka. Pa liwiro limenelo, amafunika ndalama zopitirira pang'ono K160,000 kuti agule zomwe K144,000 ikadagula pa masiku amene ankaiponya. Za m'kachitini zaperewera. Za m'bokosi zakwana n'kutsalako.

Apa m'pamene ambiri olimbikitsa banki m'khonde amaimira, anthu n'kuomba m'manja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. K720,000 yomwe yaonjezekera m'bokosi muja yachokera kuti? Palibe banki ya m'tauni yomwe yaikamo, palibe bungwe lomwe lapereka. Kupatula tindalama ta chindapusa cha ochedwa ndi ojomba, yonseyo yatuluka m'matumba a anthu 20 omwewo ngati chiwongoladzanja. Mukaigawa kwa anthu 20, aliyense walipira K36,000, ndalama yofanana ndendende ndi yomwe mayi wathu akuitcha phindu. Bokosi silibereka. Limangosamutsa ndalama kuchoka kwa obwereka kwambiri kupita kwa osunga kwambiri.

Choncho funso lenileni ndi lakuti ngongoleyo idakagwira ntchito yanji kunja kwa bokosi. Tibwerere kwa mayi uja. Pofika sabata ya khumi adali ataponya K30,000. Lamulo la magulu ambiri limalola kubwereka mpaka katatu ka zomwe wasunga, ndiye akadatha kutenga K90,000, koma adatenga K60,000 yoti abweze m'miyezi itatu. Mwezi uliwonse ankapereka K6,000 ya chiwongoladzanja, ndipo mwezi wachitatu adabweza K60,000 yonse. Ngongoleyo yamudyera K18,000. Ndi mpamba umenewo adasiya kupikula usipa wa pang'onopang'ono kwa anzake pamsika pomwepo, n'kuyamba kuoda wambiri pamtengo wotsika. Tinene kuti zimenezi zinkamuonjezera K4,000 pa phindu la sabata iliyonse. M'masabata khumi ndi awiri ndi K48,000. Kuchotsapo K18,000, watsala ndi K30,000 yomwe sakadaiona, ndipo gawo la K18,000 ija lidzamubwerera tsiku logawana. Imeneyi ndiyo ndalama yatsopano yomwe yalowa m'gulu, ndipo yachokera kwa ogula usipa.

Mnzake wokhala naye mphasa imodzi adatenganso K60,000, koma adagulira chitenje ndi nsapato za ukwati wa mphwake. Naye adalipira K18,000. Palibe chomwe chidabala, ndipo pobweza adagulitsa mbuzi. Onse awiri ali m'gulu limodzi, pa malamulo amodzi, koma wina banki m'khonde yamukweza, wina yamutsitsa. Sikuti ngongole iliyonse yosakhala ya geni ndi yoipa. Kubwereka kuti mwana asabwezedwe kusukulu, kapena kuti musagulitse chimanga chanu motchipa mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale, n'kwanzeru. Ndipo poyerekeza ndi katapila, amene amatha kufuna theka la ndalamayo kapena yonse ngati chiwongoladzanja pamwezi umodzi, K10 pa K100 ndi chifundo. Koma munthu azidziwa kuti ngongole yotere akuigula, ndipo aziwerengeratu komwe ndalama yobweza idzachokere.

Ofufuza omwe adatsatira magulu oterewa ku Ghana, Malawi ndi Uganda, n'kutulutsa zotsatira zawo mu 2017, adapeza zogwirizana ndi masamu amenewa. M'midzi momwe mudakhazikitsidwa magulu, anthu ankasunga ndalama zambiri, mabizinesi ang'onoang'ono ankayenda bwinoko, ndipo amayi adali ndi mawu ochulukirapo pa zochitika za pakhomo. Koma sadapeze kuti mabanja onse, kuwatenga pamodzi, adayamba kudya kapena kugula zochuluka kuposa a m'midzi ina. Banki m'khonde imathandiza munthu kuyendetsa bwino ndalama zomwe amapeza. Siilowa m'malo mwa mvula, msika kapena ntchito.

Pali chizolowezi china chomwe chafala m'magulu ambiri kuno, ndipo ine ndimachiona ngati chiphe: kukakamiza aliyense kubwereka. Maganizo ake amamveka. Osunga okhaokha amadya thukuta la obwereka, ndiye gulu limati aliyense atengeko ngongole, afune asafune, kuti bokosi lisagone ndi ndalama. Zotsatira zake n'zakuti munthu wopanda geni amatenga K50,000, n'kukaisunga pansi pa mphasa pomwe ankaithawa paja, n'kumaidya pang'onopang'ono kwinaku akulipira chiwongoladzanja. Magulu ena amafika pa K20 pa K100 pamwezi pofuna kuti kugawana kudzakhale kwa mnanu. Pa mlingo umenewo K60,000 imadya K36,000 m'miyezi itatu, ndipo ndi geni yochepa ya kumudzi yomwe ingapirire zimenezo. Ngati ndalama zikutsala m'bokosi mwezi ndi mwezi, bokosilo likukuuzani kuti chiwongoladzanja chakwera kwambiri kapena sheya yakula kuposa geni za mamembala. Mankhwala ake ndi kutsitsa chimodzi mwa ziwirizi, osati kukakamiza anthu.

Nanga wina akalephera kubweza? Lamulo la katatu lija lidaikidwira zimenezi. Tinene kuti membala waponya K80,000, wabwereka K240,000, kenaka wasamuka usiku. Gulu litenga masheya ake, ndipo latayapo K160,000. Mukaigawa pa masheya otsala, sheya iliyonse yataya K57, ndipo mayi wa usipa ataya pafupifupi K8,000 pa K36,000 yake ija. Zimawawa, koma gulu silikugwa. Akakhala anthu asanu otere, phindu lonse la chaka latha ndipo zayamba kudya masheya enieniwo. Ndiye taganizani gulu limene lidapatsa munthu mmodzi K700,000 chifukwa ndi mkazi wa amfumu kapena chifukwa amayankhula bwino. Munthu mmodziyo ndi wokwanira kugwetsa onse.

Zizindikiro za gulu lodwala zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Ngongole ya miyezi itatu yafika mwezi wachisanu, mwini wake akungopereka chiwongoladzanja chokha, ndipo mlembi akuilembanso ngati yatsopano. Membala ali m'magulu atatu kapena anayi, akubwereka Lachiwiri uku kuti akabweze Lachinayi uko. Wina akutengera ngongole munthu wakunja, mwamuna wake kapena mnzake wa kumsika, amene gulu silingamufunse kanthu. Ngongole zikuperekedwa kunyumba kwa msungichuma pakati pa sabata "chifukwa zinali zadzidzidzi." Makiyi onse atatu apezeka m'thumba la munthu mmodzi chifukwa enawo adapita kumaliro. Chilichonse mwa izi chimayamba ngati kukomerana mtima, ndipo mathero ake ndi aja timawaona m'midzi ndi m'makwalala, gulu la amayi litanyamula ndowa, mipando ndi malata a mnzawo. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti ndalama za m'bokosi zilibe chitetezo chonga cha ndalama za ku banki zomwe zimayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu. Zikatayika, kodandaula ndi kwa amfumu, kupolisi kapena kukhoti, ndipo kumeneko chimene chimayankhula ndi zolembedwa. Malamulo a gulu alembedwe, aliyense asainire kapena adinde chala, ndipo anene momveka zomwe zidzachitike munthu akalephera kubweza, akasamuka kapena akamwalira ali ndi ngongole.

Pa nkhani ya akuba, bokosi lili ndi nyengo yake yoopsa. Pakati pa chaka limakhala lopepuka chifukwa ndalama zambiri zili m'manja mwa obwereka, ndipo wakuba akaliswa apezamo makabuku ndi zochepa chabe. Koma kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti agawane, gulu limasiya kukongoza ndipo ngongole zonse zimabwerera. Pamenepo m'nyumba ya msungichuma mumagona mamiliyoni, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Ndi nthawi imeneyi pamene timamva kuti bokosi labedwa, nthawi zina mothandizidwa ndi wa m'gulu momwemo. Magulu ochenjera salola ndalama zimenezi kugona m'mudzi. Amatsegula akaunti ya gulu ku banki kapena ku SACCO yofuna anthu atatu osainira, kapena amasunga pa foni kudzera ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pa foni pafunika kusamala kuti nambala yachinsinsi isakhale ndi munthu mmodzi amenenso akusunga foniyo, apo ayi maloko atatu aja asanduka loko mmodzi. Ndalama yolipira potapa iwerengedweretu, ndipo tsiku logawana lisalengezedwe pachitsime.

Chomwe kachitini ka kunyumba kamaposa bokosi ndi chimodzi: kamatseguka pakati pa usiku. Mwana akatentha thupi nthawi ya 2 koloko m'bandakucha, wa kabaza safuna kumva za masheya. Magulu ali ndi thumba la zadzidzidzi, momwe aliyense amaponya kandalama kofanana, mwina K200 pamsonkhano, kothandizira matenda ndi maliro popanda chiwongoladzanja. Thumbali lisasakanizidwe ndi ndalama zokongoza, ndipo siligawidwa ngati phindu. Komabe nalo limadikira kuti anthu akumane. Choncho ndalama ya ulendo wa kuchipatala ndi ya chakudya cha masiku angapo ikhale kunyumba kapena pa foni. Zopita ku gulu ndi zomwe mungathe kukhala osazigwira mpaka tsiku logawana. Munthu amene amagula masheya asanu pofuna kuoneka, kenaka n'kubwereka ndalama zake zomwe pa chiwongoladzanja kuti agule ufa, akadachita bwino kugula sheya imodzi.

Tsiku logawanalo nalonso lisankhidwe ndi mutu. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndipo ndalama za chaka chonse zimakumana ndi Khirisimasi pakhomo. Mpunga, nkhuku ndi zovala za ana zikadutsa, Januwale amafika ndi fizi, feteleza wobereketsa ndi chimanga chodula, munthu n'kuyambiranso kukongola. Kwa mlimi wodalira mvula, kugawana mu Okutobala kumamupeza akufuna mbewu ndi feteleza wokulitsa, mvula isanagwe. Kwa makolo a ana a ku sekondale, kumapeto kwa Ogasiti kumagwirizana ndi kutsegulira kwa chaka cha sukulu mu Seputembala. Kwa ochita geni ya mbewu, Epulo kapena Meyi ndiye nthawi yomwe mpamba umagula zambiri. Palibe lamulo lokakamiza Disembala. Gulu limasankha lokha pamsonkhano woyamba, ndipo likasankha bwino, K180,000 yomweyo imagwira ntchito yaikulu kuposa ikadabwera mwezi wina.

Ngati mukuganiza zolowa gulu, pemphani kukhala nawo pamsonkhano umodzi musanaponye kalikonse. Onani ngati bokosi likutsegulidwa pamaso pa onse, ndipo makiyi akutuluka m'matumba atatu osiyana. Mverani ngati ndalama zikuwerengedwa mokweza. Funsani kuti chiwongoladzanja ndi zingati, ngati kubwereka n'kokakamiza, ndiponso kuti chaka chatha sheya imodzi idatuluka zingati pogawana. Mamembala wamba awiri kapena atatu akakupatsani yankho lofanana pa funso lomalizali osayang'ana kwa mlembi, gululo mungalikhulupirire ndi ndalama zanu. Akayamba kuyang'anana, bwererani nazo kunyumba, mukafunefune gulu lina.